Khadi la Anakubala: kasitomala akuti mawu ake akufanana ndi a m'sitolo

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi oda ya khadi la Tsiku la Anakubala, ndipo likuyenera kukafika kumudzi pasanakwane pa 15 Okutobala. Eni ake ndi bambo a zaka za m'ma 40, akulembera mayi awo. Mkati ndinaika mawu athu a masiku onse aja: "Amayi, zikomo chifukwa cha chikondi chanu. Mulungu akudalitseni ndi kukupatsani moyo wautali." Abweza, akuti zoterezi akanangogula lopangapanga m'sitolo. Nditawafunsa kuti nanga tilembe chiyani, angoti, "Inu ndi amene mumadziwa, amayi anandivutikira kwambiri basi." Pepala lake ndi A5 yopinda pakati, ndiye malo olembapo ndi A6.

Jafali: Ikanipo chithunzi cha mayiwo, chemwali. Auzeni atumize chowala bwino, osati chojambula pa chithunzi china, chimatuluka mbuu.

Nachisale: Chithunzi chili kale kutsogolo, achimwene, ndipo achikonda. Chavuta ndi mawu a mkati.

Bambo Gondwe: Mawu mwaikawo alibe cholakwa, musawachotse. Vuto lake ndi loti mukafufuta dzina, khadilo mutha kulipereka kwa mayi aliyense m'Malawi muno ndipo liwakwana. Chikusoweka ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri pakati, zonena tsiku limodzi lomwe awiriwo anali limodzi.

Koma funso loti "tilembe chiyani" silitulutsa kanthu. Munthu akafunsidwa choncho amayankha ndi mawu a pa guwa: anandivutikira, ndi mayi wachikondi, anandilera bwino. Afunseni zinthu zogwirika. Poti anena za kuvutikira, yambirani pomwepo: "Tsiku lomwe munaona ndi maso kuti amayi akuvutika chifukwa cha inu, munali kuti?" Akatchula malo, funsani nthawi yake, kaya m'mamawa, kaya nthawi ya mvula kapena yokolola. Kenako funsani chomwe mayiwo ananyamula kapena anachita ndi manja awo. Mukafunsa muzikhala chete ndithu, musawathandize kuyankha, chifukwa mukangoti "kapena anakulipirirani fizi?" avomera kuti inde, ndipo mwabwereranso ku mawu a aliyense. Mphindi zisanu pa foni zimakwana. Pa meseji zimavuta, anthu akamalemba amadzikonza kwambiri.

Mai Tembo: Ine ndimaona kuti chachikulu ndi kutchula dzina la mudzi ndi chaka. Komanso musaumire, ikani zokumbukira zitatu kapena zinayi, za ali mwana, za kusukulu, za pa ukwati, mayiwo aone kuti mwana wawo sanaiwale chilichonse.

Bambo Gondwe: Pa dzina la malo mwalasa, mayi, limagwira ntchito kwambiri. Koma chaka ndimachiopa. Mwana anena 1996, mayi akumbuka kuti chinali chaka chomwe anafolera nyumba ndi malata, ndiye m'malo mosangalala ayamba kuwerengetsa zala. Akuluakulu ambiri amasunga nthawi ndi zochitika, choncho "tsiku lomwe ndinkapita ku Fomu 1" ndi lotetezeka kuposa nambala.

Za zinayizo ayi. Tiyeni tiwerenge malo. A6 ndi mamilimita 105 m'lifupi ndi 148 m'litali. Mukasiya mamilimita 10 mbali iliyonse, mzere wanu ndi mamilimita 85. Pa zilembo za saizi 12 mulowa zilembo pafupifupi 40, ndipo poti mawu athu ndi atali, amenewo ndi mawu asanu kapena asanu ndi limodzi pa mzere. Owerenga ake ndi achikulire, ndiye mufunika saizi 14, mawu anayi kapena asanu pa mzere. Khadi lonse lisapitirire mawu 45 kapena 50 ngati mukufuna pakhale popumira ndi posainira. Mukathinikizamo nkhani zinayi, mutachotsa mawu a moni ndi dalitso, iliyonse ipeza mawu pafupifupi asanu ndi awiri, ndipo izikhala ngati "munandilera, munandiphunzitsa, munandikwatitsa." Umenewo ndi mndandanda, palibe chomwe munthu angaone m'maso mwake.

Nachisale: Ndawaimbira. Poyamba amangozungulira, koma nditafunsa za malo zatuluka. Akuti atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, tsiku lonyamuka mayi awo anawadzutsa tambala woyamba, n'kuwasenzera sutikesi pamutu mpaka pa siteji, mtunda wa maola awiri. Basi itafika anamasula mfundo ya chitenje n'kuwapatsa ndalama zonse zinali pamenepo, zomwe anachita kukongola kwa anthu, ndi chimanga chokazinga m'pepala la shuga. Ndalemba motere:

"Amayi, mukukumbukira tsiku lomwe ndinkapita ku sekondale? Ndinali ndi mantha kwambiri ndipo ndinalira mu basi. Ndimadziwa kuti munakongola ndalama chifukwa cha ine. Zikomo chifukwa cha chikondi chanu. Mulungu akudalitseni."

Nangozo: Chemwali, za ngongolezo zichotseni msanga. Ine ntchito yanga ndi ya uemusi, yoyendetsa mwambo pa zochitika, ndimaona mmene makadi amathera. Khadi la kumudzi silikhala la munthu mmodzi. Mwina mayiwo maso anayamba kuvuta, awerengera ndi mdzukulu mokweza pakhonde, anthu oyandikana nawo ali pomwepo, mwinanso wokongoza ndalama uja kapena ana ake. Kenako likakhomedwa pa khoma kapena kuikidwa pa kabati chaka chathunthu. Ngongole, matenda, kumangidwa, kutha kwa banja, mimba ya pasukulu, zonsezi ngakhale mwini wake azinene akuseka, musazisindikize.

Bambo Gondwe: A Nangozo anena zoona. Ndiwonjezere ziwiri pa zomwe mwalembazo.

Choyamba, werengani maverebu anu: ndinkapita, ndinali, ndinalira, ndimadziwa. Khadi ndi la amayi koma wochita zonse ndi mwana. Kulira kwa mu basi mayiwo sanakuone n'komwe, anali atatsala pa siteji, ndiye sichikumbutso cha onse awiri. Tembenuzani kuti wochita akhale iwowo: munandidzutsa, munandisenzera, munandipatsa. Ka "-ndi-" kali m'kati mwa mawuwo n'kokwanira kuonetsa mwanayo.

Chachiwiri ndi "mukukumbukira?" Limeneli ndi funso la mayeso. Ngati aiwala, mwawachititsa manyazi pamaso pa wowerengayo. Mtolo wokumbukira ausenze wotumiza: "Sindiiwala" kapena "Mpaka lero ndimaonabe." Akakhala kuti anaiwala, nkhaniyo iwakumbutsa yokha.

Ine ndikanalemba chonchi:

"Amayi, pa Tsiku la Anakubala lino landirani moni wanga. Sindiiwala m'mamawa uja ndikupita ku Fomu 1: munandisenzera sutikesi mpaka pa siteji, n'kundipatsa chimanga chokazinga m'pepala la shuga. Munandisenzera zambiri, Amayi. Mulungu akupatseni moyo wautali, tsopano ndikusenzereni ine."

Mawu ake sakufika 40, akwana pa saizi 14. Taonani kuti moni wa poyamba ndi dalitso la kumapeto ndi mawu wamba a masiku onse. Chatsopano ndi chiganizo cha pakati, ndi mawu amodzi, kusenza, omwe ndawatenga m'nkhanimo n'kuwabweretsa ku dalitso. Mukapanda kulumikiza choncho, nkhaniyo imaoneka ngati chigamba cha nsalu ina.

Mai Tembo: Koma pepala la shuga likutaninso pamenepo? Si kuonetsa umphawi komweko tikukanaku? Bwanji osangoti "munandipatsa kamba wa paulendo"?

Bambo Gondwe: Kamba wa paulendo mayi aliyense anapatsapo mwana wake. Pepala la shugalo ndi lomwe likuchititsa kuti khadili likhale la mayi awa okha. Ndipo kukulunga chimanga m'pepala la shuga sikuchititsa manyazi munthu wa kumudzi, aliyense ankatero. Ngongole ili ndi mwini wake wina, pepala lilibe.

Mai Tembo: Mwina. Komabe ine ndikanawafunsa eni ake, mabanja ena amadzimva, safuna zakale zotere zizioneka.

Nangozo: Kufunsa n'koyenera ndithu. Funsaninso ngati pali abale ena omwe sanapite ku sekondale. Khadi lotamanda za sukulu likakhala pa kabati m'nyumba momwe mlongo wake anasiyira Sitandade 8 kuti iyeyo aphunzire, limatha kutokosa chilonda. Komanso "ndikusenzereni ine" ndi lonjezo. Ngati bamboyo satumiza thandizo kumudzi, wowerenga mokweza uja adzangoyang'anana ndi anzake.

Mphatso: Pepani ndilowetseko yanga, ikufanana. Aphunzitsi 14 asonkha kuti ndiwapangire khadi lotsanzikana ndi ahedi awo omwe akupuma pa ntchito. Aliyense watumiza yake pa gulu, ndili ndi nkhani 9. Ndisankhe ya ndani osakhumudwitsa ena?

Nangozo: Osasankha ya munthu, achimwene. Pa khadi la gulu fufuzani chomwe onse anachionapo, makamaka chizolowezi: mawu omwe ahediwo ankakonda kunena pa asembule, kapena malo omwe ankaima m'mawa kudikira ochedwa. Werengani zisanu ndi zinayizo, mupeza chinthu chomwe anthu awiri kapena atatu achitchula mosapangana. Chimenecho chilembeni ndi "ti-": sitiiwala, munkatiuza. Nkhani za mmodzimmodzi alembe ndi cholembera pa tsamba la kumanzere, asiyireni lopanda kanthu. Kwa anthu 14 A6 ichepa, pindani A4.

Mphatso: Atatu atchula za belu, akuti ankaliza okha wapabelu akachedwa.

Nangozo: Ndi imeneyo. Bola musatchule dzina la wochedwayo.

Jafali: Ine ndingokumbutsa za makina, a Nachisale. Ngati eni ake akufuna kalembedwe ka ŵ, yesani kaye pa pepala wamba. Zilembo zambiri zokhotakhota zija zilibe ŵ, pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina pakati pa mawu. Ndipo kwa agogo pewani zokhotakhotazo m'kati, zisiyeni pa chikuto.

Bambo Gondwe: Musanasindikize, atumizireni eni ake mawuwo ndipo muwaimbire, muwawerengere mokweza. Munthu akamawerenga yekha amangoti zili bwino, koma akamva ndi khutu ndi pomwe amati "ayi, sizinali choncho." Pa khadi la mawu wamba cholakwa chimakhala cha sipelo basi. Pa ili, mukalakwitsa kanthu kamodzi mayiwo adziwa kuti analemba ndi munthu wina. Muwafunsenso mmene amawaitanira. Ngati kwawo amati "aMama" kapena "Anganga", musaike "Amayi" chifukwa choti ndi zomwe zili mu kompyuta.

Nachisale: Ndawawerengera. Akhala chete pang'ono, kenako akuti sichinali chimanga, unali mtedza wokazinga, chimangacho chinali cha teremu yachiwiri. Ndasintha. Pepala la shuga akuti likhale. Amawaitana "aMayi" ndiye palibe vuto. Mzere womaliza wa kusenza uja akuti aganize kaye mpaka mawa, ndiye ndasunga mitundu iwiri, wina ukuthera pa "moyo wautali." Koma zanditengera pafupifupi ola, mafoni atatu, ndipo mtengo ndinawauza kale wa khadi wamba. Inu mumawerengera bwanji ntchito yolemba mawuyi?

Mai Tembo: Ine ndimaiphatikiza mu mtengo wa dizaini. Ukaitchula payokha anthu amati mawu sagulitsa.

Bambo Gondwe: Ine ndimaitchula payokha, ndipo ndimanena ndisanaimbe foni yoyamba. Kwa awa mwachedwa kale, alekeni. Mtedzawo muuonenso pa pepala loyesera, mzere ungadumphe poti mawu asintha utali.