Ndithandizeni kukonza uthenga wofunira wophika ndi woperekera zakudya

Abale a pa gulu lino, ndili ndi lesitilanti ya matebulo 8 pafupi ndi depoti ya mabasi ku Lilongwe. Chaka chatha ndinangolemba pachitseko kuti pakufunika wophika, ndipo amene ndinamutenga anali ndi satifiketi yabwino, koma tsiku loyamba nsima ya anthu 40 inamukanika: inatuluka yosapsa m'kati, mitanda yambiri inabwerera kukhitchini. Ulendo uno ndalemba motere: “Pakufunika wophika wodziwa nsima, mpunga, nkhuku ya lokolo ndi masamba otendera, komanso mtsikana wa zaka 18 mpaka 25 woperekera zakudya. Malipiro tidzakambirana.” Kodi ndiwonjezerepo chiyani kuti pabwere anthu oyenera?

Yankho loyamba: Mayi, choyamba chotsani mawu akuti mtsikana ndi zaka zake, chifukwa lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kusankha munthu potengera kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Lembani zimene ntchitoyo ikufuna: kuwerengera chenje msanga ndi kukumbukira zimene matebulo atatu aitanitsa. Mutchulenso nthawi yoyamba ndi yoweruka, pokumbukira kuti maola opitirira 48 pa sabata amafuna malipiro apadera. Za wophika, nenani mu uthengamo kuti osankhidwa adzayesedwa pamoto. Mupatseni poto wanu wamkulu ndi ufa, muone ngati akudikira kuti phala libwate mokwanira asanayambe kuthyakula, pakuti pamenepo ndi pamene wakale uja anaphonya.

Yankho lachiwiri: Ine ndikuti malipiro musawalembe, popeza oyandikana nanu adzawonjezera pang'ono n'kukulandani antchito. Ingofunani munthu wa pepala la TEVETA basi.

Yankho lachitatu: Pepalalo ndi labwino, bambo, koma mayiwa anena kale kuti satifiketi sinawathandize. Ine ndaperekerapo zakudya zaka zinayi, ndipo mawu akuti “tidzakambirana” anandidyera ndalama ya minibasi kawiri, n'kukapeza malipiro osafika ngakhale pa mlingo umene boma linakhazikitsa. Lembani ndalamayo, mayi, munenenso ngati chakudya cha masana chilipo, ndiponso ngati mbale yosweka imadulidwa pa malipiro.

Yankho lachinayi: Mchemwali wanga amadziwa kuphika makeke, kodi angabweretse kalata liti?

Wofunsa: Pepani, makeke sitigulitsa. Ndathokoza nonse, za mtsikana ndachotsa ndipo za kuyesa pamoto ndaikamo. Pa malipiro ndidakali pakati, chifukwa mantha a bambo aja ndili nawonso. Nanga kalata ya kuchipatala imene a khonsolo amafuna kwa ogwira zakudya, ndiitchule mu uthengamo kuti abwere nayo, kapena ndikalipirire ndekha amene ndamutenga?