Thandizeni: anthu anga asiya kusochera pa ziganizo zosocheretsa

Membala wosadziwika: Abale mutu waima. Ndikupanga ekisiperimenti yoti munthu azidina batani n'kumawerenga liwu limodzilimodzi, pa pulogalamu ya pa intaneti ya PCIbex. Ziganizo zake ngati ichi: "Pamene mtsikana ankawerenga kalata inagwa pansi." Munthu amayamba waganiza kuti kalatayo ndi imene ikuwerengedwa, n'kusochera akafika pa "inagwa". Chinzake chili ndi chizindikiro cha koma pambuyo pa "ankawerenga". Maaitemu, ziganizo zoyesazo, alipo 24; mafila, ziganizo zongobisa chimene ndikuyesa, alipo 10. Supavaiza sakuyankha mameseji sabata yachitatu ino, laputopu ikuzima yokha, mnzanga amene tinagwirizana kulemba mafila anangosowa. Ndayesa pa anthu 8, koyambirira akuchedwa pa "inagwa" koma pofika pakati akungodutsa. Ndalakwitsa pati?

Gomezgani: Mafila 10?? Achimwene mwawaphunzitsa nokha anthuwo. Munthu akaona "pamene" kasanu wadziwa kale kuti dzina likubweralo silichitiridwa kanthu, ndiye asochera bwanji? Mafila awiri pa aitemu imodzi, 48 pa 24 zanuzo, zonse 72. Ndipo ena ayambenso ndi "pamene" koma osapusitsa, monga "Pamene mnyamata ankalemba kalata, magetsi anazima."

Tadala: Inenso supavaiza wanga anasowa miyezi iwiri, ndinalira. Pitani ku ofesi basi.

Mayi a Pempho: Funso limodzi, munthu m'modzi akuona chiganizo cha koma ndi chopanda koma chomwe? Simunanene.

Gomezgani: Nkhani ndi mafila mayi, tisasokoneze.

Mayi a Pempho: Ayi bambo, ngati akuona zonse ziwiri ngakhale mafila 100 sathandiza, wachiwerenga kale. Pangani malisiti awiri mwa Latini sikweya, aitemu iliyonse ioneke kamodzi pa lisiti, 12 za koma 12 zopanda, lisiti inayo mutembenuze. Komanso "pansi" ndi liwu lomaliza, pomwe anthu amachedwa kale pomanga chiganizo, pamene kuchedwa kwa "inagwa" kumakonda kutayikira pa mawu otsatira. Talikitsani: "inagwa pansi pa tebulo lalikulu."

Yamikani: Kalatayo inali yachikondi eti 😂

Limbani: Chotsani koma, sinthani mneni, "ankagona" m'malo mwa "ankawerenga". Kalata sigonedwa, palibe wosochera.

Gomezgani: Ndiye mwasintha mawu, kutalika kwina tanthauzo lina, mukuyerekeza chani? Ndi koma mawu onse amakhala omwewo. Ndipo ndikubwereza, mafila 48!

Limbani: Komanso koma amachedwetsa munthu pa "ankawerenga", musaiwale. Ziganizo 72 anthu satopa?

Gomezgani: Apume pakati. Muike funso pambuyo pa chiganizo, mayankho a inde ndi ayi ofanana kuchuluka, apo ayi azingodina osawerenga.

Membala wosadziwika: Eee Mayi a Pempho, aliyense amaona ziganizo zonse 48, za koma ndi zopanda. Ndiye deta ya anthu 8 aja nditaye? Nanga funso loti "kodi mtsikana ankawerenga kalata?" yankho lolondola ndilembe ayi?

Mayi a Pempho: Deta ija isungeni ngati pailoti, musaiphatikize. Funsolo musalichonge, chiganizo sichinakane kuti ankawerenga kalatayo. Ingowerengani a inde pa kondishoni iliyonse.

Gomezgani: Ine ndimachonga ayi.