Funso: n'chifukwa chiyani kadamsana sachitika mwezi uliwonse, ndipo ana angamuone bwanji osawononga maso?

Mphunzitsi wa ku Chitakale

Moni nonse a pa gulu lino. Ndimaphunzitsa Sitandade 7 kuno ku Mulanje, ndipo sabata yatha mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anandifunsa funso limene ndinalephera kuliyankha mokwanira. Ndinali nditawafotokozera kuti kadamsana wa dzuwa amachitika mwezi ukadutsa pakati pa dziko ndi dzuwa, pamene kadamsana wa mwezi amachitika dziko likakhala pakati. Iye anati popeza mwezi umazungulira dziko kamodzi pa masiku pafupifupi 30, bwenzi tikuona kadamsana kawiri pa kuzungulira kulikonse. Ndinaona kuti mwanayo waganiza bwino, choncho sindikufuna kumupatsa yankho lapatalipatali. Ndikupemphanso odziwa andiuze njira imene ana 80 angaonere kadamsana wa dzuwa popanda kuvulaza maso, poti sukulu yathu ilibe zipangizo.

Bambo a ku Luchenza

Aphunzitsi, mmene ndikudziwira ine, kadamsana amachitikadi mwezi uliwonse, kungoti mthunziwo umagwera kunyanja zikuluzikulu kapena ku mayiko akutali, ndiye ife kuno sitiuona.

Mayi opuma pa ntchito ku Thyolo

Bambo, mwalondola mbali imodzi yokha. N'zoona kuti mthunzi wa mwezi umagwera pa kadera kochepa, koma miyezi yambiri sugwera pa dziko n'komwe. Ndinaphunzitsa jogalafe ku sekondale zaka zambiri, ndipo chimene chinkasokoneza ana ndi zojambula za m'mabuku, zimene zimaika dzuwa, dziko ndi mwezi pa pepala lafulati ngati zonse zikuyenda pa bwalo limodzi. Njira ya mwezi ndi yopendekeka ndi madigiri pafupifupi 5 poiyerekeza ndi njira imene dziko limayenda pozungulira dzuwa.

Madigiri 5 amamveka ochepa mpaka mutatuluka nawo panja. Tengani mpira wamiyendo kuti ukhale dziko, ndi ndimu kuti likhale mwezi. Mtunda wochoka pa dziko kufika pa mwezi ndi wokwana kundandalika maiko 30 ofanana ndi lathuli, choncho mwana wonyamula ndimu aime mamita 6 ndi theka kuchoka pa mpira. Pa mtunda umenewo, kupendekeka kuja kumakweza kapena kutsitsa ndimu ndi kupitirira pang'ono theka la mita, pamene mpira wonsewo ndi masentimita 22 okha. Mukachita zimenezi m'mawa dzuwa lisanakwere kwambiri, n'kuika ndimu ku mbali ya dzuwa, ana adzaona ndi maso awo kuti mthunzi wa ndimu ukudutsa pamwamba kapena pansi pa mpira osaukhudza. Mthunzi wa dziko nawonso umaphonya mwezi chimodzimodzi pa nthawi imene mwezi uli wathunthu.

Pali malo awiri okha pamene njira ya mwezi imadutsana ndi njira ya dziko. Kadamsana amatheka pokhapokha mwezi ukakhala mumdima kapena wathunthu uli pafupi ndi amodzi mwa malo amenewa, ndipo mpata wotere umabwera pa masiku 173 aliwonse, n'kukhala kwa masiku pafupifupi 35. Taonani chaka cha 2025. Pa 14 Malichi kunali kadamsana wa mwezi, ndipo pa 29 Malichi kunali wa dzuwa. Kenako kunali zii mpaka pa 7 Seputembala, pamene mwezi unafiira madzulo ife kuno tikuuona, ndipo patapita masabata awiri, pa 21 Seputembala, kunachitika wa dzuwa amene anaoneka ku New Zealand kuno kuli usiku. Pa kadamsana wotere m'pamene mawu a bambo a ku Luchenza akugwira ntchito. Kuyambira Epulo kufika Ogasiti panalibe kadamsana pena paliponse pa dziko lapansi.

Mlimi wa ku Muloza

Za kuonerazo si zovuta. Pa 21 Juni 2001, pamene kunada masana ku Lusaka ndipo kuno dzuwa linatsala kachigawo kakang'ono, ife tinathira madzi m'beseni n'kumaona dzuwa m'madzimo, ena anadetsa galasi ndi utsi wa koloboyi. Mpaka lero maso anga ali bwinobwino.

Namwino wa ku Bvumbwe

Achimwene, thokozani Mulungu kuti munapulumuka, koma chonde musalangize ana zimenezo. Madzi amabweza kuwala kokwanira kuvulaza diso, ndipo mwaye sumata mofanana pa galasi ponse, komanso ukhoza kuchepetsa kuthobwa m'maso pamene cheza chimene diso silichiona chikudutsabe. Choopsa kwambiri n'chakuti kumbuyo kwa diso, kumene kuwala kumakafikira, kulibe mitsempha yomva ululu. Mwana sadzalira pa nthawiyo. Patapita maola angapo kapena mawa lake m'pamene adzayambe kunena kuti pakati pa chimene akuyang'ana pali kadontho kakuda kapena kachimbuuzi, kapena kuti mizere ya m'kope yapindika. Ena amachira patapita miyezi, ena chilemacho chimakhala mpaka kalekale, ndipo mwana wotero apite naye msanga kwa a maso. Magalasi a dzuwa a pamsika, ngakhale mutaphatikiza atatu, mafilimu a ekisire ndi mapepala a maswiti, zonsezi n'zosathandiza. Magalasi oyenera amalembedwa ISO 12312-2, ndipo mukawavala simuona china chilichonse koma dzuwa lokha. Akakhala okandika kapena obooka, atayeni. Kadamsana wa mwezi alibe vuto, ana amuyang'ane ndi maso mmene angafunire.

Mayi opuma pa ntchito ku Thyolo

Kwa ana 80, ine sindingadalire magalasi, chifukwa wina adzawavula mphunzitsi atayang'ana kumbali. Mwana aliyense aboole katoni ndi singano yaikulu, afulatire dzuwa, ndipo kuwala kodutsa pa kabowoko kugwere pa pepala loyera. Pepala likakhala pa mtunda wa mita imodzi, chithunzi cha dzuwa chimakhala pafupifupi sentimita imodzi, ndipo kadamsana akayamba chimaoneka ngati chalumidwa m'mbali. Muwauze mobwerezabwereza kuti kabowoko si kosuzumirapo. Pansi pa mtengo wa masamba ambiri, monga wa mango, timipata ta masamba timachita ntchito yomweyo, moti pansi pamadzaza tizithunzi tooneka ngati mwezi wongokhala kumene. Musamale kwambiri ngati kuli chiperoni, chifukwa mitambo yopyapyala imanyenga ana kuti dzuwa lafooka, n'kuyamba kuliyang'ana nthawi yaitali.

Wowotcherera zitsulo wa ku Limbuli

Nanga galasi la chipewa changa chowotcherera? Ndimayang'ana nalo moto wowala koopsa tsiku ndi tsiku, ndipo ndingathe kubwereka sukuluyo.

Namwino wa ku Bvumbwe

Zitengera nambala imene yalembedwa pa galasilo. La nambala 14 ndi lovomerezeka, koma ambiri amene amagwiritsidwa ntchito powotcherera ndi a nambala 10 kapena 11, omwe sakwanira pa dzuwa. Ngati palibe nambala, musayese.

Wowotcherera zitsulo wa ku Limbuli

Ndaliyang'ana, nambala yake inafufutika. Komabe ndikuona ngati ndi lakuda mokwanira.

Mphunzitsi wa ku Chitakale

Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha mtima wanu, koma galasi lopanda nambala sindingalipereke kwa ana a eni. Lolemba titulutsa mpira ndi ndimu pa bwalo, ndipo mtsikana uja ndi amene adzanyamule ndimu. Mayi a ku Thyolo, ndatsala ndi funso limodzi. Ngati mpata umabwera pa masiku 173, osati theka lenileni la chaka, kodi zikutanthauza kuti miyezi ya kadamsana imasuntha chaka ndi chaka? Ndikufunsa chifukwa wa 2001 anali mu Juni, pamene amene mwatchula ndi a Malichi ndi Seputembala.