Kasitomala akufunsa komwe kwapita 0.9 peresenti

NyaMhango: Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ndi kasitomala wa ku Katoto, anagwirapo ntchito kunja ndipo ali ndi ETF, fandi yogulitsidwa pa msika wa masheya, yotsata indekisi ya S&P 500 ya makampani akuluakulu a ku Amereka. Pa pepala la fandi, indekisi yakwera ndi 10 peresenti pa chaka, iye wapeza 9.1. TER, ndalama yomwe amadula pa chaka yoyendetsera fandi, akuti ndi 0.40. Akufunsa kuti 0.5 inayo wadya ndani, ndipo akubwera Lachisanu.

Gondwe: Imeneyo ndi Tracking Error basi mayi. Palibe fandi yomwe imaponda ndendende momwe yaponda indekisi.

Chirwa: A Gondwe mwalasa pambali pang'ono. 0.9 imeneyo pamapepala amailemba kuti Tracking Difference, kutsalira kwa fandi chaka chikatha. Tracking Error imayesa ngati kutsalirako kukusinthasintha tsiku ndi tsiku. Fandi yotsalira mofanana tsiku lililonse imaonetsa Tracking Error yochepetsetsa, koma ndalama ikudontha ndithu.

NyaMhango, onani kaye dzina lonse la indekisiyo. Pali Total Return kapena Net Total Return?

NyaMhango: Total Return, achimwene.

Chirwa: Ndiye wakubayo tamupeza. Fandi imagula masheya a makampani pafupifupi 500 aja, iliyonse molingana ndi kukula kwake mu indekisi. Makampaniwo akapereka dividendi, indekisi yanuyo imawerenga ngati yonse yabwezeredwa m'masheya. Koma fandi ya kunja kwa Amereka imayamba yadulidwa msonkho pa dividendiyo, 30 peresenti ngati palibe pangano lotsitsa. Tinene kuti dividendi inali 1.5 peresenti: msonkhowo watenga 0.45. Onjezani TER ya 0.40, mwafika 0.85. Kotsalako 0.05 mwina ndi ndalama yomwe imagona isanagule masheya, kapena zolipira pogula ndi kugulitsa indekisi ikasintha makampani. Fandi zambiri za ku Ireland zimadulidwa 15 yokha, choncho onani komwe yanuyo inalembetsedwa.

Kaunda: Koma mwawerengera kwacha? Itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masitetimenti a kasitomala wanga anasokonekera onse.

NyaMhango: Ayi bambo, manambala onsewa ali m'madola.

Gondwe: Chabwino ndavomera. Koma kukangana pa 0.40? Ya minibasi yopita ku Ekwendeni imeneyo.

Chirwa: Ya chaka chimodzi, inde. Ikani madola 10,000 kwa zaka 20. Pa 7 peresenti amafika pafupifupi 38,700, pa 6.6 amafika 35,900. Madola 2,800 apita, ndipo simuona risiti, chifukwa TER imadulidwa pang'onopang'ono mkati mwa mtengo wa fandi.

NyaMhango: Ndiye ndimuuze asamukire ku yotchipa?

Chirwa: Musathamange. Pogulitsa alipira bulokala, pogula alipiranso, komanso ataya kena pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Wasunga zingati, ndipo akufuna kuzisiyamo zaka zingati?

NyaMhango: Zakazo sananene. Ndimuimbira madzulo ano, netiweki ikalola.