Ndaphatikiza mafayilo atatu a Track Changes, imelo yake ndilembe bwanji?

Mlembi wamkulu: Akuluakulu, thandizeni msanga, pepala likupita ku jenolo Lachisanu. Olemba anzanga atatu aliyense wabweza fayilo yake. Ndaphatikiza mu Word ndi Review > Compare > Combine, awiriawiri: yoyambirira ndi ya Dokotala, zotulukazo ndi ya Pulofesa, kenako ndi ya mnzathu wa ziwerengero. Zosintha zakwana 412. Mutu waima pawiri: mu Tebulo 2, pomwe panali 312 wina walemba 298, wina 305, ndipo ndime ya zofooka za kafukufuku Pulofesa aifufuta pomwe Dokotala ailembanso. Ndiwauze zonse?

Mkonzi: Ayi bwana, 412 palibe angawerenge. Yambani ndi dzina la fayilo yatsopanoyo, muwauze kuti akalewo asawakhudzenso. Nenani ndondomeko yomwe munaphatikizira ndi zimene mwavomereza nokha, monga masipelo ndi makoma. Zotsutsanazo muzipatse manambala, K1, K2, pa imelo ndi pa ndemanga za m'fayilomo. Mwachitsanzo: "K1, Tebulo 2, mzere wachitatu: panali 312, Dokotala akuti 298, a ziwerengero akuti 305. Agamule ndi a ziwerengero pofika Lachitatu masana." Musatchule manambala a masamba, amasuntha wina akachoka pa All Markup kupita pa Simple Markup.

Wa ku labu: Mukanangoika pa Google Docs, zonsezi bwenzi kulibe.

Mkonzi: Madzi atayika kale, achimwene. Chenjezo lina: musadine Accept All. Manambala awiri olowa malo amodziwo amagundana n'kukhala 298305.

Mayi wa mabuku: Onaninso mayina. Ngati fayilo ya wina inachotsedwa mayina ndi Document Inspector, zosintha zake zimangoti "Author". Pitani pa Show Markup > Specific People, mayina atatu aoneke. Komanso Word imasunga masanjidwe a fayilo imodzi yokha, paja inakufunsani. Lembani kuti munasunga a ndani, apo ayi wina adzati mwamutayira ntchito dala.

Wophunzira: Ine ndimagwiritsa Compare, si chimodzimodzi?

Mayi wa mabuku: Ayi mwanawe. Compare imatenga zosintha zakale ngati zovomerezedwa kale, zonse n'kuziika pa dzina limodzi. Wasintha ndani sudziwanso.

Wa ku labu: N'chifukwa chake ndikuti Google Docs.

Mlembi wamkulu: Pulofesa amakonzera kumudzi, netiweki kulibe. Nanga akapanda kuyankha K2, ya ndime anaifufuta ija?

Mkonzi: Lemberanitu: "Mukakhala chete mpaka Lachitatu, ndisunga ndime ya Dokotala." Koma pa nambala ya mu tebulo musatero, imeneyo ichokere ku deta.

Mayi wa mabuku: Ine ndime yofufutidwa ndi Pulofesa sindingaibwezere chifukwa angokhala chete. Aimbireni foni. Ndipo ngati munagwiritsa Zotero poika maumboni, dinani Refresh pa kope lapadera kaye, muone ngati maumboni sanabwerezeke.

Wa ku labu: Ulendo wina Google Docs, chonde.