BitLocker ikufuna manambala 48, amene adaiyatsa adachoka

Mphatso: Akuluakulu, thandizeni. Laputopu ya akauntanti athu kuno ku Area 4 idapsa mazabodi, tasinthitsa. Poyatsa ikungobwera sikilini ya buluu ya BitLocker, ikufuna manambala 48. Amene adaikonza koyamba adasiya ntchito chaka chatha, ndipo malipiro a mwezi uno ali momwemo.

Yamikani: Achimwene, ingozulani disikiyo muilumikize ku kompyuta ina, mukope mafayilo. Nkhani yatha.

Tadala: Ayi a Yamikani, kumenekonso ikafunsa manambala omwewo, chifukwa disiki yonse ndi yokhomedwa. Masiku onsewa inkatseguka yokha poti kiyi idasungidwa mu TPM, kachipangizo kachitetezo ka pa mazabodi yakale ija. Yatsopanoyi disikiyo sikuidziwa. A Mphatso, pa sikilinipo pali `Recovery Key ID`. Lembani zilembo 8 zoyambirira, mukafananize ndi makiyi amene mungapeze. Kodi makinawo adalumikizidwa ku Active Directory kapena Entra ID?

Mphatso: Ayi achemwali, ofesi yathu ndi ya anthu 12, seva tilibe. Amene adasiya ntchito aja adalowa ndi akaunti ya Microsoft ya iwo eni.

Tadala: Ndiye mwina kiyi ili mu akaunti yawoyo. Aimbireni mwaulemu, alowe pa `aka.ms/myrecoverykey`, akuwerengereni yomwe ID yake ikufanana. Ikasowa, ngakhale a Microsoft sangakupangireni ina. Chotsala n'kufufuta disiki.

Gift: Ine n'chifukwa chake ndimasindikiza kiyi papepala n'kuika m'chikwama cha laputopu, mwiniwake asavutike akakhala ku Kasungu kapena ku Mchinji.

Tadala: Kusindikiza kuli bwino, koma m'chikwama ayi. Wokutsomphola kudepoti satenga laputopu yokha, amanyamula ndi chikwama chomwe. Pepalalo lilowe mu envulopu yomata, kunja mulembe nambala ya makina ndi ID basi, likakhale mu sefa ya ofesi. Kope lachiwiri likhale kwina kumene anthu awiri angafikeko, osati mu akaunti ya munthu mmodzi. Wa ku Kasunguyo akatsekeredwa aimbe foni, mumuwerengere, akabwerako musinthe kiyi. Makina ena 11 aja muwatenge makiyi lero akadali otseguka, polemba izi mu Command Prompt yotsegulidwa ngati Administrator:

```
manage-bde -protectors -get C:
```

Ndipo musanasinthe BIOS kapena kupereka makina kwa okonza, muziyamba mwaimitsa kaye chitetezo ndi `Suspend protection`.

Yamikani: Kuimitsako kukanatheka bwanji pa bodi yopsa kale? Komanso sefa imatsegulidwa ndi bwana okha. Akakhala ku maliro kumudzi, ntchito iime?

Gift: Kwathu kope lachiwiri lili mu KeePass, pulogalamu yosungira mapasiwedi. Funso ndi lakuti pasiwedi yake asunge ndani.

Mphatso: Ndawaimbira, akuti foni yolandirira kodi ya akauntiyo adasintha nambala. Ayesa madzulo ano kudzera pa imelo ina.