Funso limodzi, mayankho awiri: ndikanatani?

Wofunsa: Akuluakulu ndithandizeni, dzulo sindinagone. Talemba mayeso a masamu ndipo funso lina linali ndi mayankho awiri, onse olondola. Ndinakhalapo mphindi 15, cholembera chikudukiza inki, amene anakhala kumbuyo kwanga akungotsokomola. Aphunzitsi athuwonso teremu yonse akhala akutithamangitsa ngati tikuthawa mvula. Ndalemba limodzi koma mtima suli m'malo. Pepala lachiwiri lili Lachisanu. Zikachitikanso nditani?

Bambo wachikulire: PALIBE FUNSO LA MASAMU LA MAYANKHO AWIRI. Simunawerenge basi. Ana a masiku ano foni ili m'manja usiku wonse, mukalephera muziti funso ndi lolakwika.

Mlongo wina: Lembani onse awiri mwana wanga, wochonga asankhe yekha.

Mphunzitsi wa masamu: Ayi mayi, pamenepo mumupweteketsa. Ochonga ambiri akaona mayankho awiri otsutsana sapereka malikisi a yankho, ena amangotenga loyamba. Ngati ndi mafunso osankha A, B, C, D, kudetsa mabokosi awiri ndi kulakwa basi. Koma inu wofunsa, mwatiuza za cholembera ndi chifuwa cha mnzanu, funsolo lili kuti? Linali losankha kapena lolemba njira?

Mnyamata wanthabwala: Yankho ndi C. Sindinaone funso koma ndi C.

Wofunsa: Pepani aphunzitsi. Linali lolemba. Anatipatsa 1, 2, 4 n'kuti tilembe nambala yotsatira, malikisi 2. Ine ndalemba 7, anzanga onse akuti 8.

Bambo wachikulire: NDI 8. Ngakhale mwana wa sitandade 3 akudziwa. Ndimanena ine.

Mphunzitsi wa masamu: Bambo, dekhani kaye. Mukamachulukitsa ndi 2 mupeza 1, 2, 4, 8. Koma mukawonjezera 1, kenako 2, kenako 3, mupeza 1, 2, 4, 7. Manambala atatu okhawa akulola njira zonse ziwiri, ndiye mwanayu sanalote. Vuto ndi la wolemba funso, anafunika kuika nambala yachinayi kapena kutchula mtundu wa mndandandawo. Chofunika tsopano ndi ichi: pambali pa 7 munalembapo chiyani? Wochonga ali ndi pepala la mayankho, ndipo ndikuganiza kuti palembedwa 8. Akaona 7 yekhayekha amudula, chifukwa sangadziwe ngati mwaganiza kapena mwangolota. Mukanayamba ndi mzere umodzi woti "Ndaona kuti kusiyana kwa manambala kukukwera: 1, 2, 3, choncho 4 + 3 = 7", ali ndi poyambira kukupatsani malikisi kapena kukafunsa wamkulu wa ochonga.

Mayi wa ana atatu: Ine zinandichitikira pa mayeso a unamwino. Ndinakweza dzanja, woyang'anira anangoti "yankhani mmene mwamvera". Mpaka lero ndimamuona kumaloto.

Wophunzira pakoleji: Mayi, woyang'anirayo sanalakwe, saloledwa kumasulira funso. Komabe kukweza dzanja kuli ndi phindu, amatha kulemba lipoti kuti funso lakuti ladandaulidwa. Funso likapezeka lolakwika amalichotsa, aliyense n'kupatsidwa malikisi.

Mphunzitsi wa masamu: Nthawi zina, osati nthawi zonse. Kwina amangovomereza mayankho onse awiri, kwina sasintha kanthu. Musadalire zimenezo.

Bambo wachikulire: Nthawi yathu kukweza dzanja pa mayeso kunali kupempha chikwapu. Tinkakhoza bwanji?

Wofunsa: Ndinangolemba 7, njira ndinaipangira papepala lapadera lomwe sanatolere. Ndaiwalanso kunena, panali gawo (b) loti tiphatikize manambala asanu oyamba. Ndapeza 25.

Mphunzitsi wa masamu: Mwaona, nkhani yeniyeni mumaisunga kumapeto. Pa njira yanu 1 + 2 + 4 + 7 + 11 ndi 25 ndithu, pa njira inayo 1 + 2 + 4 + 8 + 16 ndi 31. Ngati pa (b) munalemba manambala onse asanuwo, njira yanu ikuonekera pamenepo, ndipo ochonga ena amatsatira yankho lanu la (a) pochonga (b). Lachisanu, funso likakuvutani chonchi werengani kaye magawo ake onse, chifukwa (b) amakonda kuulula zomwe wolemba amaganiza pa (a). Dzifunseninso kuti mutu womwe uli mu silabasi ndi uti. Ngati m'kalasi munaphunzira mindandanda yochulukitsa, 8 ndiye ankafunidwa, ngakhale 7 sali wolakwa. Ndipo mphindi 15 pa malikisi 2 ndi zambiri. Sankhani njira imodzi, lembani chifukwa chake, pitirirani.

Mlongo wina: Ndiye zikusiyana pati ndi zomwe ndinanena ine?

Mphunzitsi wa masamu: Inu munati awiri. Ine ndikuti limodzi, ndi chifukwa chake pambali.

Bambo wachikulire: NDI 8.

Wofunsa: Pa (b) ndinangolembanso 25 yekha. Ndingakaonane ndi aphunzitsi mawa mapepala asanachongedwe, kapena aziona ngati ndikupempha malikisi?